Munathamanga molunjika, nanga mzere wa pa mapu wakhotakhota bwanji?

Anthu awiri anyamukira limodzi m'mamawa, athamanga msewu umodzi, ndipo afikanso limodzi pamene anayambira. Akuyang'ana mafoni awo thukuta lili kamukamu, wina apeza kuti wathamanga makilomita 10.5, mnzakeyo makilomita 9.8. Atatsegula mapu, aona kuti mzere wa woyambayo ukulowa m'mipanda ya anthu, kukwera pamadenga, kuoloka msewu n'kubwereranso, pamene wa mnzakeyo ukudula ngodya zonse ngati kuti anadutsa m'kati mwa nyumba. Apa mkangano umabuka, aliyense akuti foni ya mnzake ndi yabodza.

Nthawi zambiri palibe foni yoonongeka. Foni kapena wotchi siiona msewu umene mukuponda. Chimene imachita ndi kuyerekeza, kamodzi pa sekondi iliyonse, pamene mwaima padziko, n'kuika kadontho. Mukamaliza, imalumikiza timadontho tonseto ndi timizere towongoka. Mzere umene mumaona pa mapu ndi mndandanda wa zoyerekezazo, ndipo kadontho kalikonse kamaphonya pang'ono. Ubwino wake ndi wakuti kaphonyedweko kali ndi maonekedwe ake. Munthu akadziwa kuwerenga maonekedwewo amazindikira chimene chalakwika, ndipo zambiri amazikonza osagula chipangizo china.

Mmene foni imapezera malo

GPS ndi gulu la masatelayiti a boma la United States. Yoyamba inaponyedwa m'mwamba mu 1978, ndipo gulu lonse linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 1995. Masiku ano alipo pafupifupi 30, akuuluka pamtunda wa makilomita 20,200 kuchokera pansi pano, ndipo iliyonse imazungulira dziko kawiri patsiku. Kale asilikali a dzikolo ankasokoneza dala uthenga wopita kwa anthu wamba, moti chipangizo chinkatha kuphonya ndi mamita 100. Kusokonezako kunathetsedwa mu Meyi 2000, ndipo kuyambira pamenepo m'pamene GPS inakhala yothandiza kwa munthu wothamanga pamsewu.

Satelayiti iliyonse ili ndi wotchi yolondola kwambiri, ndipo imangoulutsa pa mafunde a wailesi zinthu ziwiri: nthawi imene uthengawo wanyamuka, ndi malo amene satelayitiyo ili. Foni yanu imangomvetsera, siitumiza kanthu kumwambako. N'chifukwa chake GPS imagwira ntchito ngakhale kumene kulibe netiweki kapena bandulo itatha. Foniyo imaona nthawi imene uthenga watenga panjira, n'kuwerengera mtunda wa pakati pa iyo ndi satelayitiyo. Ikapeza mitunda ya masatelayiti osachepera anayi, imadziwa pamene ili. Atatu amapereka malo, ndipo yachinayi imathandiza kukonza wotchi ya m'foni, imene siilondola ngati ya kumwamba ija.

Vuto lonse lagona pa liwiro la mafundewo. Amayenda makilomita 300,000 pa sekondi. Ngati foni yalakwitsa nthawi ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 1,000,000 a sekondi, mtunda umalakwika ndi mamita 300. Choncho chilichonse chochedwetsa uthengawo panjira, ngakhale pang'ono bwanji, chimasuntha kadontho kanu pa mapu. Pabwalo poyera, popanda chotchinga kumwamba, foni yabwinobwino imaphonya ndi mamita pafupifupi asanu. Woyendetsa galimoto sangadandaule ndi mamita asanu. Koma misewu yambiri ya m'makwalala ndi yosaposa mamita asanu ndi awiri m'lifupi, choncho kwa wothamanga kuphonya kotero n'kokwanira kumuika tsidya lina la msewu.

Kuphonya pang'ono kumatalikitsa bwanji ulendo?

Tiyeni titenge munthu wothamanga mamita atatu pa sekondi. Ameneyu amamaliza kilomita m'mphindi 5 ndi masekondi 33, ndipo makilomita 10 amawatha m'mphindi 55 ndi theka. Foni yake ikuika kadontho sekondi iliyonse, kotero timadonthoto tiyenera kutalikirana mamita atatu, pamzere wowongoka.

Tsopano tinene kuti kadontho kalikonse kakupatukira kumbali ndi mita imodzi poyerekeza ndi kam'mbuyo, kenako kotsatira n'kubwerera. Kamzere kolumikiza timadontho tiwiri sikakhalanso mamita atatu, koma 3.16, chifukwa kapendekeka. Kusiyanako kukuoneka kochepa, koma kukuchitika sekondi iliyonse kwa mphindi 55. Pomaliza foni inena kuti munthuyo wathamanga makilomita 10.5, ndipo imuuza kuti kilomita iliyonse amaimaliza m'mphindi 5 ndi masekondi 17. Iye apita kunyumba akuganiza kuti liwiro lake lakwera, chikhalirecho ndi mzere umene unali kunjenjemera. Kadontho kamodzi kakalumpha mamita 50 kumbali n'kubwerera, pamenepo pokha pawonjezeka mamita pafupifupi 100 amene mwendo sunaponde.

Palinso kulakwa kofupikitsa ulendo. Zipangizo zina, pofuna kusunga batire, siziika kadontho sekondi iliyonse. Tinene kuti wotchi ikuika kadontho pakatha masekondi 10, kutanthauza mamita 30 alionse. Wothamanga uja wafika pamphambano n'kukhotera kumanja. Kadontho kena kagwa mamita 15 asanafike pangodya, kotsatira kagwa mamita 15 atadutsa. Wotchi ilumikiza awiriwo mwachidule, n'kupeza mamita 21 m'malo mwa 30. Njira ikakhala ndi ngodya zotere 20, mamita 180 atayika. Anthu awiri a kumayambiriro aja anasiyana motere: wina mzere wake unanjenjemera, winayo unadula ngodya.

Opanga mapulogalamu othamangira amadziwa zonsezi, ndipo amasalaza mzerewo pochotsa timadontho tokayikitsa. Aliyense amasalaza mwa njira yake. Ndiye chifukwa chake ulendo umodzimodzi ukatumizidwa ku mapulogalamu awiri, monga Strava ndi ina, nthawi zina umatuluka ndi mitunda yosiyana pang'ono.

Makoma, mitengo ndi thupi lanu

Chimene chimasokoneza kwambiri m'tauni ndi uthenga wobwerera. Munthu akakuwa pafupi ndi phiri, mawu ake amamvekanso kachiwiri mochedwerapo, chifukwa agunda thanthwe n'kubwerera. Mafunde a satelayiti amachitanso chimodzimodzi akagunda khoma lalitali, magalasi a nyumba zosanja kapena denga la malata. Foni imalandira uthenga umodzi kawiri, wolunjika ndi wobwerera, ndipo imavutika kusiyanitsa. Choipa kwambiri ndi pamene nyumba yatchingiratu satelayiti, foni n'kumangomva wobwerera wokha. Uthenga umenewo wayenda njira yaitali, choncho foni imaganiza kuti muli kutali ndi satelayitiyo kuposa mmene zilili, n'kukukankhirani mamita makumi angapo kumbali. Wothamanga pakati pa nyumba zosanja za mu Victoria Avenue ku Blantyre angayembekezere zimenezi. Othamanga mpikisano wa marathoni wa ku Chicago amadziwa bwino kuti m'makilomita oyambirira, pakati pa nyumba zazitali za mumzindawo, liwiro la pa wotchi silidalirika.

Nyumba zazitali zili ndi vuto lina. Zikatchinga kumanzere ndi kumanja, foni imangotsala ndi masatelayiti a pakampata kakang'ono ka thambo, otsatizana ndi msewuwo. Masatelayiti akaunjikana mbali imodzi chonchi, kuwerengera kumafooka ngakhale atakhala ambiri. Foni imadziwabe bwino kuti mwafika pati motsata msewu, koma imasokonezeka pa funso loti muli mbali iti ya msewuwo. Zoterezi zimachitikanso m'zigwa zakuya ndi m'tsinde mwa matanthwe, monga m'njira zokwera phiri la Mulanje, kumene theka la thambo limabisika.

Mitengo imafooketsa uthenga. Pofika pansi pano mafundewo amakhala atafooka kale kwambiri, ndipo madzi a m'masamba ndi m'nthambi amawameza. M'nkhalango ya paini ya paphiri la Zomba mzere umanjenjemera kuposa pamsewu wopanda mthunzi, makamaka masamba akanyowa. Mitambo ndi mvula pazokha sizisokoneza kwenikweni. Chimene chimachedwetsa uthenga kumwambako ndi mpweya wa pamtunda wa makilomita mazana angapo, umene dzuwa limaupatsa mphamvu ya magetsi. Kuchedwako kumasintha ndi nthawi ya tsiku, ndipo kumatha kusuntha mzere wonse ndi mamita angapo.

Chotchinga chimene ambiri amaiwala ndi thupi lawo lomwe. Thupi la munthu ndi madzi ambiri, ndipo limameza mafundewa. Foni yoikidwa m'thumba la kabudula, itagundana ndi ntchafu, yatchingidwa mbali imodzi yonse, ndiponso imagwedezeka ndi phazi lililonse.

Werengani mzerewo

Mukabwerako, kulitsani mapu n'kuona pamene pakhota ndi mmene pakhotera.

Ngati chisokonezo chili kumayambiriro kokha, mzere ukuyambira kuseri kwa nyumba ya aneba kapena kilomita yoyamba ikuoneka yothamanga modabwitsa, ndiye kuti munanyamuka chipangizo chisanagwire bwino masatelayiti. Ngati mzere uli bwino pamalo poyera koma ukuchita manomano pakati pa nyumba kapena pansi pa mitengo, ndipo ukuchita zomwezo pamalo omwewo tsiku lililonse, vuto ndi malowo, foni ilibe mlandu. Ngati pali mzere wautali wowongoka bwinobwino, wodutsa pamadenga ndi m'minda kuchoka pamalo ena kufika pena, ndiye kuti kujambula kunaima kwa kanthawi. Kawirikawiri foniyo inagoneka pulogalamu yothamangirayo pofuna kusunga batire, ndipo itadzuka inangolumikiza pamene inasiyira ndi pamene yapezeka. Ngati mzere ndi wosalala koma ngodya zonse zadulidwa, timadontho tatalikirana kwambiri. Ndipo ngati mzere wonse uli ndi maonekedwe olondola koma wasunthira mamita angapo mbali imodzi, musadandaule nawo. Mtunda wake umakhala wolondola ndithu, ndipo nthawi zina ndi chithunzi cha mapucho chimene sichinakhale pamalo pake.

Palinso kamulu ka timizere topiringizika pamalo amodzi. Pamenepo m'pamene munaima, mwina kudikira kuoloka msewu kapena kupatsana moni ndi munthu. Inu munaima, koma zoyerekeza za foni sizinaime, ndipo zinapitiriza kuwonjezera mamita. Mankhwala ake ndi kuimitsa kaye kujambula, kapena kuyatsa Auto Pause ngati pulogalamu yanu ili nayo.

Dikirani musananyamuke

Pa zonse zimene mungachite, chothandiza kwambiri ndi kudikira, ndipo pali chifukwa chake. Foni isanagwiritse ntchito satelayiti, imafunika kudziwa njira imene satelayitiyo ikuyenda panthawiyo. Satelayiti imaulutsa yokha uthenga wa njira yake, koma pang'onopang'ono zedi, ndipo imaubwereza pakatha masekondi 30 alionse. Uthengawo umagwira ntchito maola ochepa okha, kenako umafunika watsopano. Mukayamba kuthamanga foni ikadali kumvetsera, n'kudutsa pansi pa mtengo, uthenga umaduka ndipo foni imadikiranso kuti ubwerezedwe. Ndandanda ya masatelayiti onse a gululo imatenga mphindi 12 ndi theka kuti iulutsidwe yonse. N'chifukwa chake chipangizo chimene chakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kapena chimene mwayenda nacho ulendo wautali, chimachedwa kupeza malo.

Njira yachidule ndi intaneti. Foni yokhala ndi data kapena Wi-Fi imatenga uthenga womwewo m'masekondi ochepa, ndipo sizidya bandulo yambiri. Choncho yatsani data kwa kanthawi musanatuluke, ngakhale mudzaithimitse pothamanga. Wotchi nayo imalandira uthenga wa njira za masatelayiti wa masiku angapo ikalumikizidwa ndi pulogalamu yake ya pa foni, ndiye muziilumikiza kawirikawiri, makamaka tsiku loti mawa kuli mpikisano.

Kenako tulukani panja, pamalo poonekera thambo mbali zonse. Pakhonde la malata, m'mphepete mwa mpanda wa njerwa kapena pansi pa mtengo wa mango si pamalo poyenera. Tsegulani pulogalamu yothamangira, imani, ndipo chizindikiro cha GPS chikasonyeza kuti yagwira, musanyamuke nthawi yomweyo. Chizindikirocho chimatha kuyaka chipangizo chitangopeza masatelayiti ochepa oyambirira. Onjezani masekondi 30 kapena mphindi imodzi kuti chipeze ena n'kukhazikika. Nthawi imeneyo mutha kumanga zingwe za nsapato ndi kuwongola miyendo, wotchi itaikidwa pansi kapena pamwala, nkhope yake italoza kumwamba.

Malo oika foni ndi zoti musinthe m'kati mwake

M'mafoni ambiri eriyo ya GPS ili chakumtunda. Foni ikhale pamwamba pa thupi ndiponso kunja: m'kathumba kovala pamkono, kapena m'thumba la pamwamba la chikwama chakumsana. Lamba wa m'chiuno ndi wabwinoko kuposa thumba la kabudula. Mukaigwira m'manja, musafumbate kumtunda kwake. Wotchi ikhale yothina bwino, yosavindikiridwa ndi dzanja la jekete lonyowa.

Pa foni ya Android, pitani pamene pali zilolezo za pulogalamu yothamangirayo, mutsimikize kuti Use precise location ndi yoyatsa. Popanda imeneyi foni imapereka malo ongoyerekeza, osathandiza konse pothamanga. Kenako pa nkhani ya batire ya pulogalamuyo sankhani Unrestricted, ndipo muthimitse Battery Saver nthawi yothamanga. Mayinawa amasiyanako malinga ndi mtundu wa foni, ndipo mafoni ena ali ndi pulogalamu yawoyawo yotseka zinthu sikirini ikazima. Imeneyo muiuze kuti isakhudze pulogalamu yothamangira. Mizere yowongoka yodutsa pamadenga ija imathera pamenepa. Pa iPhone, yatsani Precise Location ya pulogalamuyo, ndipo ndi bwino kuthimitsa Low Power Mode. Nyamukani batire ili ndi moto wokwanira, chifukwa mafoni ambiri amayamba okha kusunga batire moto ukatsika.

Pa wotchi pali zinthu ziwiri. Choyamba ndi kajambulidwe: mawotchi a Garmin, mwachitsanzo, amapatsa mwayi wosankha pakati pa Smart ndi Every Second, ndipo yachiwiriyi ndi imene imaika kadontho sekondi iliyonse. Njira zosungira batire kwambiri, monga UltraTrac, anazipangira maulendo a tsiku lonse m'mapiri, osati kuthamanga kwa ola limodzi. Chachiwiri ndi magulu a masatelayiti. Kupatula GPS ya ku America, kuli GLONASS ya ku Russia, Galileo ya mayiko a ku Ulaya ndi BeiDou ya ku China. Mafoni ambiri amasiku ano amamvetsera angapo mwa magulu amenewa paokha, koma pa wotchi nthawi zina mumafunika kusankha nokha All Systems m'malo mwa GPS Only. Masatelayiti akachuluka, ngakhale nyumba itatchinga theka la thambo, otsalawo amakhalabe okwanira. Batire imatha msangako, koma pa kuthamanga kwa tsiku ndi tsiku kusiyanako n'kopiririka.

Kodi kugula chipangizo chatsopano kungathandize?

Kungathandize pa vuto limodzi lenileni, la uthenga wobwerera. Zipangizo zakale zimamvetsera mafunde amtundu umodzi, otchedwa L1. Kuyambira mu 2018 kunayamba kutuluka mafoni omvetseranso mafunde achiwiri, L5, ndipo mawotchi anatsatira pambuyo pake. Mafunde a L5 anapangidwa mwa njira yothandiza chipangizo kusiyanitsa uthenga wolunjika ndi wobwerera. Komanso poyerekeza mafunde awiriwo, chipangizo chimatha kuwerengera kuchedwa kwa mumlengalenga kuja n'kukuchotsa. Pa bokosi kapena pa sikirini amalemba kuti Dual-frequency kapena Multi-Band. Pa Android, pulogalamu yaulere ya GPSTest imaonetsa masatelayiti amene foni yanu ikumva, mphamvu ya uthenga wake, ndiponso ngati L5 ilipo.

Amene amathamanga pakati pa nyumba zosanja kapena m'nkhalango adzaona kusintha. Amene amathamanga m'misewu yafumbi ya kumudzi kapena m'mbali mwa msewu waukulu, thambo lili poyera, sadzapindula kwenikweni, ndipo ndalamayo ndi bwino aigulire nsapato.

Pamene GPS iyenera kugonja

Pali malo awiri amene muyeso wa pansi umaposa wa kumwamba. Oyamba ndi bwalo lothamangirapo, ngati la pa Bingu National Stadium ku Lilongwe. Mzere woyamba wa bwalo lovomerezeka ndi mamita 400, ndipo mzere uliwonse wotsatira umatalika ndi mamita 7 ndi pang'ono. Theka ndi kuposerapo la bwalolo ndi lokhota, ndipo kuphonya kwa mamita atatu okha kumakusamutsirani mizere iwiri kunja kapena m'kati. Pabwalo werengani maulendo amene mwazungulira, wotchi ingokusungirani nthawi. Bwaloli lingakuthandizeninso kuyesa chipangizo chanu: kuzungulira ka 12 ndi theka mumzere woyamba ndi makilomita asanu enieni.

Achiwiri ndi mpikisano woyezedwa movomerezeka. Marathoni ndi makilomita 42.195, ndipo oyeza amagwiritsa ntchito njinga yokhala ndi kachipangizo kowerenga kuzungulira kwa gudumu. Amatsata njira yaifupi kwambiri imene wothamanga angadutse, n'kuwonjezera mita imodzi pa kilomita iliyonse kuti mtunda usaperewere. Inu simungatsate njira yaifupiyo ndendende, chifukwa mumazemba anzanu ndi kupatukira kumatebulo a madzi, ndipo wotchi imawonjezeranso kunjenjemera kwake. Wotchi ikasonyeza mamita mazana angapo oposa 42.195, musathamangire kudzudzula okonza mpikisano. Pampikisano khulupirirani zikwangwani za makilomita za m'mbali mwa msewu, ndipo muzidina batani la Lap pa chikwangwani chilichonse.

Pa kuthamanga kwa masiku onse, musamayang'anitsitse liwiro la nthawi yomweyo, limene limalumphalumpha ndi kadontho kalikonse. Onani liwiro la kilomita yonse, chifukwa pamtunda wotero zolakwa zing'onozing'ono zimachepa mphamvu. Chipangizo chikamasiyana ndi mtunda weniweni ndi mamita 100 kapena 200 pa makilomita 10, chikugwira ntchito bwino. Chikapitirira pamenepo, yambani ndi zaulere: imani poyera mphindi imodzi musananyamuke, chotsani foni m'thumba la kabudula, ndipo thimitsani zosungira batire. Thamangani njira yomweyo kawiri kapena katatu, muyerekeze mizereyo, kenako m'pamene muganize zopita kusitolo.